Dividendi si chiwongoladzanja: zoyenera kudziwa mwini masheya ochepa

Chaka chilichonse makampani akuluakulu akatseka mabuku awo, nyuzipepala ndi wailesi zimalengeza kuti kampani yakutiyakuti igawa mabiliyoni a ndalama kwa eni masheya ake. Mphunzitsi wa kumudzi, mlangizi wa zaumoyo kapena mlimi amene anagula masheya ochepa m'kampaniyo amamva nkhaniyi ndipo mtima umakhala m'mwamba. Patapita masabata angapo, wina amapeza kuti mu akaunti yake mwalowa ndalama zosakwana n'komwe thumba limodzi la feteleza. Wina sapeza kalikonse. Onse awiri amayamba kuganiza kuti penapake aberedwa.

Nthawi zambiri sipakhala kuberedwa kulikonse. Chimene chimasokoneza ndi tanthauzo la liwu limodzi, lakuti dividendi, lomwe ambiri amaliyesa chiwongoladzanja kapena malipiro a chaka ndi chaka. Munthu akalimvetsa bwino liwuli amatha kuwerengera yekha ndalama zimene alandire, kudziwa tsiku limene azilandire, ndiponso kuona msanga ngati kampani yake yayamba kudwala.

Sheya ndi umwini, osati ngongole

Munthu akasunga ndalama ku banki kwa nthawi yoikika, amakhala ngati waikongoza bankiyo. Banki imalonjeza kubweza ndalamazo pamodzi ndi chiwongoladzanja chimene anagwirizana, kaya malonda ayenda bwino kaya ayi. Kugula sheya n'kosiyana. Wogula sheya sakongoza kampani ndalama, koma amagula kachigawo ka kampaniyo. Ngati kampani ili ndi masheya 2 biliyoni ndipo munthu ali ndi masheya 5,000, ndiye kuti iyeyo ndi mmodzi wa eni ake, ngakhale gawo lake ndi laling'ono kwambiri.

Mwini bizinesi salandira chiwongoladzanja. Amadya phindu likapezeka, ndipo likapanda kupezeka amagona ndi njala. Dividendi ndi gawo la phindu limene kampani yasankha kupereka kwa eni ake, ndipo limagawidwa mofanana pa sheya iliyonse. Mawu akuti "yasankha" ndi ofunika kuwagwira, chifukwa kampani ingathe kupanga phindu lochuluka koma osagawa kanthu, ndipo siikhala itaphwanya lamulo lililonse.

Anthu amene ali m'magulu a banki mkhonde amadziwa kale za masheya ndi kugawana, koma ayenera kusamala posiyanitsa. Pa banki mkhonde chaka chikatha bokosi limatsegulidwa, aliyense n'kutenga ndalama zonse zimene anaponya pamodzi ndi phindu lake, gulu n'kuyambiranso. Kampani siitsegula bokosi motero. Ndalama zimene munthu anagulira masheya sizibwezedwa pakutha pa chaka. Wofuna ndalama zake amagulitsa masheya ake kwa munthu wina pa mtengo wa tsikulo, womwe ungakhale wokwera kapena wotsika kuposa umene iye anagulira. Sheya ili ngati ng'ombe yamkaka, ndipo dividendi ndi mkaka wake. Mkaka umatuluka pamene ng'ombe ili bwino, koma mtengo wa ng'ombeyo pamsika ndi nkhani ina.

M'Malawi masheya a makampani akuluakulu amagulitsidwa pamsika wa Malawi Stock Exchange mumzinda wa Blantyre. Kampani yoyamba kulowa pamsikawu inali NICO, mu Novembala 1996. Anthu wamba ambiri analowa m'malonda amenewa mu 2020, pamene Airtel Malawi inagulitsa masheya ake kwa anthu pa mtengo wa K12.69 sheya imodzi, ndipo FDH Bank inagulitsa ake pa K10. Ku Zambia ntchito yomweyi imachitika pamsika wa Lusaka Securities Exchange. Mayina ndi misonkho zimasiyana dziko ndi dziko, koma kayendedwe ka dividendi n'kamodzi.

Amasankha ndani, ndipo amayang'ana chiyani?

Kampani imayendetsedwa ndi gulu la akuluakulu osankhidwa ndi eni masheya, lomwe limatchedwa bodi. Bodi ndiyo imayang'ana phindu lotsala kampani italipira antchito, katundu, chiwongoladzanja cha ngongole ndi msonkho wa boma, kenako n'kuona kuti pa phindulo igawe zingati ndipo isunge zingati.

Mlimi aliyense amadziwa nzeru imeneyi. Akakolola mtedza sadya wonse kapena kugulitsa wonse, koma amapatula mbewu ya chaka chamawa. Kampani ya shuga imasunga gawo la phindu kuti ikonze makina ndi minda ya nzimbe. Kampani ya mafoni imasunga kuti imange nsanja zatsopano. Banki imasunga chifukwa malamulo a mabanki amafuna kuti ikhale ndi mpamba wokwanira woteteza ndalama za osunga. Lamulo la makampani la 2013 ku Malawi limafunanso kuti bodi isagawe ndalama ngati kugawako kungasiye kampani ikulephera kulipira ngongole zake. Choncho amene kampani ili nawo ngongole amakhala patsogolo, ndipo eni masheya amabwera pambuyo.

Makampani ambiri amagawa kawiri kapena katatu pa chaka. Dividendi ya pakati pa chaka imalengezedwa ndi bodi yokha ikaona mmene miyezi isanu ndi umodzi yoyamba yayendera. Dividendi yomaliza imangoperekedwa ngati ganizo la bodi, ndipo imadikira kuvomerezedwa pamsonkhano waukulu wa pachaka wa eni masheya. Mwini masheya aliyense, ngakhale wa masheya 100, ali ndi ufulu wopita kumsonkhanowu, kufunsa mafunso ndi kuvota. Komabe mavoti amawerengedwa potsata kuchuluka kwa masheya, ndipo kawirikawiri msonkhano ungavomereze kapena kuchepetsa zimene bodi yanena, koma sungawonjezere.

Ichi n'chifukwa chake si bwino kukongola ndalama kapena kulonjeza fizi ya mwana podalira dividendi imene sinalengezedwe. Akuluakulu anati fodya ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Dividendi imakhala ngongole ya kampani kwa mwini sheya pokhapokha italengezedwa ndi kuvomerezedwa motsata ndondomeko.

Kuchokera pa mabiliyoni kufika m'thumba

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Mayi wina wolima soya ndi mtedza ku Mchinji wagulitsa zokolola zake ndipo wagula masheya 5,000 m'kampani ina pa mtengo wa K40 sheya imodzi. Walipira K200,000, kuphatikizapo kandalama kena ka buloka, yemwe ndi munthu kapena kampani yovomerezeka kugula ndi kugulitsa masheya m'malo mwa anthu. Kampaniyo ili ndi masheya 2 biliyoni onse pamodzi.

Chaka chikatha, kampani yalengeza phindu la K20 biliyoni msonkho utachotsedwa. Phindu limeneli likagawidwa pa masheya 2 biliyoni, sheya iliyonse yapanga K10. Koma bodi yasankha kugawa K8 biliyoni yokha ndi kusunga K12 biliyoni. Ndiye kuti dividendi ya chaka chonse ndi K4 pa sheya. Nambala imeneyi, ya pa sheya imodzi, ndiyo yokhudza mayiyu. Mabiliyoni a pamutu wa nkhani sanena chilichonse za thumba lake mpaka atagawidwa ndi chiwerengero cha masheya onse. Kampani ngati Airtel Malawi, yomwe ili ndi masheya 11 biliyoni, itagawa K11 biliyoni ndiye kuti sheya iliyonse yapeza K1 basi.

Mwa K4 ija, kampani inapereka kale K1.50 pakati pa chaka, ndipo K2.50 ndi yomaliza. Pano pali msampha wina waung'ono. Zidziwitso zambiri zimalembedwa m'matambala, kotero K1.50 imaoneka ngati 150 tambala ndipo K2.50 ngati 250 tambala. Munthu wowerenga mothamanga angaganize kuti ndi K150 ndi K250, n'kuyembekezera ndalama zochuluka kuwirikiza ka 100 kuposa zimene zikubwera.

Pa dividendi ya pakati pa chaka, masheya 5,000 kuchulukitsa ndi K1.50 zikupereka K7,500. Pa yomaliza, masheya 5,000 kuchulukitsa ndi K2.50 zikupereka K12,500. Zonse pamodzi ndi K20,000. Komabe ndalamazi sizifika zonse, chifukwa kampani imadula msonkho isanatumize n'kukapereka ku boma. Ku Malawi msonkho wa dividendi wa anthu okhala m'dzikomo wakhala 10 pa 100 iliyonse kwa zaka zambiri, ngakhale kuti misonkho imatha kusintha ndi bajeti ya boma. Pa mlingo umenewu mayiyu alandira K6,750 koyamba ndi K11,250 kachiwiri, zomwe ndi K18,000 pa chaka chonse. Ku South Africa msonkhowu unakwezedwa kufika 20 pa 100 mu 2017, choncho amene ali ndi masheya kumeneko amadulidwa zochulukirapo.

Nanga K6 yotsala pa sheya iliyonse yapita kuti? Siinabedwe ndipo siinatayike. Pa masheya a mayiyu ndi K30,000 imene yatsala m'kampani ngati mbewu. Bodi ikaigwiritsa ntchito mwanzeru, phindu la zaka zikubwerazi limakula, dividendi imakula, ndipo mtengo wa sheya umakwera. Ikaiwononga pa ntchito zosapindula, mayiyu amakhala wataya ndalamayo osaigwira n'komwe m'manja. Funso labwino lofunsa pamsonkhano wa pachaka ndi lakuti ndalama zimene zinasungidwa zaka zapitazi zinagwira ntchito yanji, ndipo zabweretsa chiyani.

Kodi K18,000 ndi yambiri kapena yochepa?

Yankho limadalira zinthu ziwiri: mtengo umene munthu anagulira sheya, ndi mmene mitengo ya zinthu ikukwerera.

Mayi wa ku Mchinji anagula pa K40 ndipo walandira K4. Ndiye kuti pa K100 iliyonse imene anaika wapeza K10 msonkho usanadulidwe, kapena K9 utadulidwa. Tsopano mtengo wa sheyayo utakwera kufika K100, mlimi mnzake amene angagule lero adzalandira K4 yomweyo, koma kwa iye ndi K4 yokha pa K100 iliyonse. Kampani ndi imodzi, dividendi ndi imodzi, koma phindu la anthu awiriwa ndi losiyana kutali. Choncho asanagule, munthu ayenera kutenga dividendi ya chaka chatha n'kuigawa ndi mtengo wa lero, osati kutengera zimene mnzake amene anagula kalekale akunena.

Kuwerengera komweku kumathandiza poyerekeza makampani awiri. Kampani yopereka K50 pa sheya ya mtengo wa K2,500 ikupereka K2 pa K100 iliyonse. Ina yopereka K1 yokha pa sheya ya mtengo wa K20 ikupereka K5 pa K100 iliyonse. Yooneka ngati yowolowa manja ndiyo ikupereka zochepa.

Kenako pali kukwera mitengo kwa zinthu. M'zaka za 2023 ndi 2024 mitengo ku Malawi inkakwera ndi zoposa 25 pa 100 pa chaka. M'chaka chimene mitengo yakwera ndi 30 pa 100, katundu amene ankagulidwa ndi K200,000 amafuna K260,000. Kuti mayi uja asabwerere m'mbuyo akufunika K60,000 yowonjezera, koma dividendi yamupatsa K18,000 yokha, yosafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo atatu. Zotsalazo ziyenera kuchokera pa kukwera kwa mtengo wa masheya ake. Ngati mtengo wakweradi kuchoka pa K40 kufika K100, masheya ake tsopano ndi a K500,000 ndipo wapindula kwambiri, ngakhale phindulo lili papepala mpaka tsiku limene adzagulitse. Ngati mtengo wangokhala pa K40, ndiye kuti chuma chake chachepa mphamvu ngakhale walandira dividendi kawiri.

Mfundo yake ndi yakuti kwa mwini masheya ochepa dividendi yokha si ndalama yodyera. Munthu wa masheya 500 m'kampani ya chitsanzoyi angalandire K1,800 pa chaka, ndalama yosakwana ulendo wopita ku boma ndi kubwerako. Chimene dividendi imachita bwino ndi kuchitira umboni. Phindu lolembedwa m'mabuku lingathe kukongoletsedwa, koma ndalama yolowa mu akaunti chaka ndi chaka ndi chizindikiro chakuti kampani ikupezadi ndalama zenizeni.

Masiku anayi oyenera kuwadziwa

Masheya amasintha manja tsiku ndi tsiku, choncho kampani iyenera kukhala ndi njira yodziwira woyenera kulandira. Imachita izi poyang'ana kaundula wa eni masheya pa tsiku limodzi loikika. Amene dzina lake lili m'kaundula madzulo a tsikulo ndiye amalandira dividendi yonse, kaya wakhala ndi sheyayo zaka khumi kaya sabata imodzi. Palibe kugawana potengera miyezi.

Koma munthu akagula sheya lero, dzina lake sililowa m'kaundula lero lomwe. Pamapita masiku angapo a ntchito kuti ndalama ndi masheya zisinthane. N'chifukwa chake chidziwitso cha dividendi chimatchula masiku anayi. Loyamba ndi tsiku lomaliza kugula sheya ikadali ndi dividendi yake. Lachiwiri ndi tsiku lotsatira, pamene sheya imayamba kugulitsidwa yopanda dividendi. Lachitatu ndi tsiku lotseka kaundula, ndipo lachinayi ndi tsiku lolipira.

Mwachitsanzo, kaundula angatsekedwe Lachisanu, tsiku lomaliza kugula n'kukhala Lachiwiri la sabata yomweyo. Wogula Lachiwiri adzalandira. Wogula Lachitatu sadzalandira, ngakhale wagula kaundula asanatsekedwe, ndipo dividendiyo idzapita kwa amene wamugulitsa. Mayi wa ku Mchinji atagulitsa masheya ake Lachitatu, K11,250 ija idzakhalabe yake. Atagulitsa Lolemba, idzapita kwa wogulayo. Pa mndandanda wa mitengo ya masheya, zilembo za CD pambali pa dzina la kampani zimasonyeza kuti sheya ikadali ndi dividendi, ndipo XD zimasonyeza kuti dividendi yachoka kale.

Ena amaganiza zochenjera: kugula Lachiwiri, kulandira dividendi, n'kugulitsa Lachitatu. Nzeruyi siipindula kawirikawiri. Kampani ikatulutsa K2.50 pa sheya, chuma chake chimachepa ndi K2.50 yomweyo, ndipo ogula amadziwa zimenezi. Sheya ya K100 imayembekezeka kutsikira cha pa K97.50. Pamsika waung'ono, pomwe masheya ena amatha masiku osagulidwa, kutsikaku sikuoneka nthawi zonse, komanso wogulitsa sapeza wogula pa tsiku limene akufuna. Pamwamba pa izi pali msonkho ndi malipiro a buloka pogula ndi pogulitsa pomwe. Zonse zikawerengedwa, wochenjera uja amatsala ndi zochepa kuposa zimene anayamba nazo.

Zizindikiro za dividendi imene siikhalitsa

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dividendi yooneka yonona kwambiri iyenera kufufuzidwa, ndipo zambiri zofunika zimapezeka m'chidule cha mabuku chimene makampani a pamsika amasindikiza m'nyuzipepala kawiri pa chaka.

Choyamba ndi kuyerekeza dividendi ndi phindu. Kampani ya chitsanzo ija inapanga K10 pa sheya n'kugawa K4, kotero ngakhale phindu litatsika ndi theka ingathebe kupereka K4. Koma itapanga K3 pa sheya n'kugawabe K4, ndiye kuti ikudya mbewu kapena ikukongola kuti isangalatse eni ake. Zoterezi zingachitike chaka chimodzi, koma sizingapitirire.

Chachiwiri ndi kuona gwero la phindulo. Kampani ikagulitsa nyumba kapena gawo la bizinesi yake imapeza phindu lalikulu kamodzi kokha, ndipo nthawi zina imagawa dividendi yapadera imene siidzabweranso. Palinso phindu la papepala. Kampani yokhala ndi nyumba zambiri kapena masheya a makampani ena imalemba phindu mitengo ya zinthuzo ikakwera, ngakhale palibe ndalama imene yalowa. Phindu lotere silingagawidwe ngati mkaka, ndipo n'chifukwa chake kampani ina imalengeza phindu lodabwitsa koma dividendi yake n'kukhala yochepa.

Chachitatu ndi ngongole za ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha ya Malawi inatsitsidwa ndi 44 pa 100. Kampani imene imapeza ndalama zake m'makwacha koma ili ndi ngongole m'madola inadzuka ngongoleyo itakula kwambiri usiku umodzi. Kutayika kotere kungathe kudya phindu lonse la chaka ngakhale malonda akuyenda bwino, ndipo phindu likatha dividendi imaima. Mwini masheya amene amawerenga mzere wa ngongole zakunja sadzidzimuka zoterezi zikachitika.

Chachinayi ndi mtengo umene wagwa. Sheya ya K40 yopereka K4 ikagwa kufika K20, imaoneka ngati ikupereka K20 pa K100 iliyonse. Koma K4 ija ndi ya chaka chatha. Nthawi zambiri mtengo umagwa chifukwa odziwa zinthu aona kale kuti chaka chino sikukhala K4.

Masheya aulere amene kampani nthawi zina imapereka m'malo mwa ndalama asasokonezedwe ndi dividendi. Aliyense akapatsidwa sheya imodzi pa sheya iliyonse imene ali nayo, mayi uja amakhala ndi masheya 10,000 m'malo mwa 5,000, koma kampani ndi yomweyo ndipo phindu ndi lomwelo. Zili ngati kudula chigumu chimodzi m'zidutswa zambiri. Mtengo wa sheya ndi dividendi ya pa sheya zimatsika mofanana.

Pomaliza, alangizi a m'midzi ayenera kuchenjeza anthu za magulu amene amabwera ndi lonjezo la "dividendi" yoikika mwezi uliwonse, monga K20 pa K100, makamaka akamati munthu abweretse anzake. Kampani yeniyeni siingalonjeze dividendi, chifukwa siidziwa phindu lake chaka chisanathe. Wolonjeza motero amakhala akulipira oyamba ndi ndalama za obwera pambuyo, ndipo obwera akatha zonse zimagwa. Masheya enieni amagulidwa kudzera kwa buloka wokhala ndi chilolezo, ndipo mayina a mabuloka ovomerezeka amapezeka ku msika wa masheya ndi ku Reserve Bank of Malawi.

Dividendi yalengezedwa koma siinafike

Pali anthu amene dividendi yawo inaperekedwa koma siinawapeze. Ntchito yosunga kaundula ndi kutumiza ndalama siigwiridwa ndi buloka, koma ndi alembi apadera amene kampani iliyonse imasankha, ndipo dzina ndi keyala yawo zimalembedwa m'lipoti la pachaka la kampaniyo. Alembiwa amatumiza ndalama potsata zimene zili m'kaundula. Ngati m'kaundula muli keyala ya positi ya sukulu imene mphunzitsi anachokako zaka zisanu zapitazo, kapena akaunti imene banki inaitseka chifukwa chosagwiritsidwa ntchito, ndalamayo imabwerera.

Vuto lina ndi la mayina. Mayi amene anagula masheya ndi dzina la kwa makolo ake koma akaunti yake ili m'dzina la pabanja, kapena munthu amene dzina lake linalembedwa mosiyana ndi la pa chiphaso cha unzika, angathe kudikira mpaka kalekale. Njira yake ndi kulembera kapena kupita kwa alembi a kaundula ndi chiphaso, umboni wa masheya ndi nambala ya akaunti imene ikugwira ntchito, n'kufunsanso ngati pali dividendi za m'mbuyo zimene sizinatengedwe. Amene akadasunga satifiketi ya pepala ya masheya ayenera kupita nayo kwa buloka kuti masheyawo alowetsedwe m'kaundula wa pakompyuta, chifukwa malonda a pamsika tsopano amadzera m'menemo.

Magulu a alimi ndi makopaletivi amene akufuna kugula masheya ndi ndalama za gulu ayenera kuwalembetsa m'dzina la gulu, ndi akaunti ya gulu. Akalembetsa m'dzina la wapampando kapena msungichuma, kampani imadziwa munthu ameneyo yekha ngati mwini, ndipo dividendi imapita kwa iye. Tsiku limene adzachoke pagulu kapena kumwalira, mlandu wake umakhala wovuta.

Imfa ndiyo imakwirira masheya ambiri. Masheya safa ndi mwini wake. Amakhala gawo la chuma cha masiye, ndipo dividendi imapitiriza kuwerengedwa chaka ndi chaka. Koma alembi a kaundula sangapereke kanthu kwa mkazi wamasiye kapena ana popanda chikalata cha imfa ndi zikalata za khoti zosonyeza woyendetsa chumacho. Choposa apo, banja silingafunse chinthu chimene silikuchidziwa. Munda ndi ng'ombe zimaoneka ndi maso, koma masheya ndi dzina chabe m'kaundula wa ku Blantyre kapena ku Lusaka.

N'chifukwa chake mwini masheya ochepa amafunika kakope kamodzi kosungidwa pamalo odziwika ndi banja. M'menemo alembe dzina la kampani, chiwerengero cha masheya, mtengo ndi tsiku limene anagula, dzina la buloka ndi la alembi a kaundula. Dividendi iliyonse ikalengezedwa alembe ndalama ya pa sheya, achulukitse ndi masheya ake, achotse msonkho, kenako ayerekeze ndi zimene zalowa mu akaunti. Zikasiyana ali ndi poyambira kufunsa. Pakatha zaka zisanu, mizere ya m'kakope imeneyo idzamuuza ngati dividendi ikukula mofulumira kuposa mtengo wa chimanga ndi feteleza, ndipo pamenepo adzatha kusankha bwino ngati ng'ombeyo ndi yosunga kapena yogulitsa.